Chimanga chitalephera kufika: mmene chigayo chathu chinawerengera zotayika

Bizinesi yathu ndi chigayo cha makina awiri, chokonola ndi chogaya, ndipo phindu lenileni limachokera ku ufa umene timapereka kusukulu ina yogonera komweko. Chimanga timagula kwa mavenda pa mgwirizano wolemba. Mgwirizano umodzi unasokonekera, ndipo apa tifotokoza mmene chipukuta misozi chimawerengedwera pa nkhani yotere, chifukwa anzathu ambiri amaluza ndalama m'sabata yoyamba, asanaganize n'komwe zopita kwa loya.

Tinagwirizana ndi venda wina matumba 200 a makilogalamu 50, pa K30,000 thumba limodzi, atifikitsire pachigayo pomwe. Zonse pamodzi K6,000,000, ndipo tinaperekeratu theka, K3,000,000. Tsiku lopereka litakwana galimoto sinabwere. Mtengo pamsika unali utafika pa K38,000, ndiye aliyense akhoza kuona kumene chimangacho chinalowera.

Chimene mtima umafuna zikatere ndi choti khothi limukakamize munthuyo kubweretsa chimangacho. Mphamvu imeneyo khothi lili nayo, koma siliigwiritsa ntchito pa katundu amene amapezeka pamsika uliwonse. Maganizo ake ndi akuti ngati ndalama zingakonze vutolo, ndalamazo n'zokwanira. Chimanga cha venda uyu sichisiyana ndi cha wina. Kukakamiza kumagwira pa chinthu chimene simungachipeze kwina, monga malo amene munagula kuti mumangepo chigayo mwini wake n'kusintha maganizo. Ngakhale pamenepo khothi limayamba laona ngati inuyo munachita mbali yanu.

Chotsala ndi chipukuta misozi. Lamulo la dziko lino loona za kugula ndi kugulitsa katundu limati wogulitsa akalephera kupereka, ndipo katunduyo ali ndi msika, timatenga mtengo wa pamsika pa tsiku limene anayenera kupereka n'kuchotsapo mtengo wa mu mgwirizano. Kwa ife kusiyanako kunali K8,000 pa thumba, kuchulukitsa ndi 200, K1,600,000. Cholinga chake si kumukhaulitsa wolakwayo ayi, koma kukuikani inu pamene mukanakhala akanasunga pangano. Kupsa mtima ndi kusowa tulo, pa mlandu wa malonda ngati uwu, sizilowa m'masamu.

Mawu oti "pa tsiku limene anayenera kupereka" ndi amene amapweteka anthu. Venda amalonjeza mawa, kenaka sabata yamawa, inu n'kumadikira chifukwa ndi munthu wodziwana naye. Tiyerekeze kuti tikanadikira mwezi wathunthu mtengo n'kufika pa K45,000. Kukwera kwa K7,000 pa thumba, komwe ndi K1,400,000, kukanatha kutuluka m'thumba mwathu, pakuti wolakwiridwa amayembekezeredwa kuchita zimene munthu wanzeru angachite kuti zotayika zisakule. Lamulo silikufunsani zosatheka, ndipo ndi wolakwayo amene ayenera kuonetsa kuti munakhala manja lende. Koma ngati chimanga chinalipo pamsika wapafupi inu osagula, sangavutike kuonetsa zimenezo.

Tsiku lotsatira tinamulembera kalata, n'kuitumizanso pa WhatsApp kuti pakhale umboni wa tsiku ndi nthawi. Inanena kuti tsiku lopereka ladutsa, kuti akapanda kubweretsa pofika madzulo a tsiku lachitatu mgwirizano watha, ndiponso kuti tikagula kwina kusiyana kwa mtengo kudzakhala kwake. M'masiku atatuwo tinafunsa mitengo kwa ogulitsa atatu, aliyense n'kutilembera papepala, ndipo venda atalephera kubweretsa tinagula kwa wotchipa pa K38,000. Uyu samafikitsa, choncho lole inatidyera K250,000, lisiti yake tinasunga. Zofuna zathu zinakhala dipoziti ya K3,000,000, kusiyana kwa mtengo K1,600,000 ndi mayendedwe K250,000, zonse K4,850,000. Ndalama ya lole imawerengedwa chifukwa ndalama zimene mwagwiritsa ntchito moyenera pochepetsa zotayika nazonso zimabwezedwa.

Wolakwayo akabwera n'kunena kuti ali ndi matumba 80 okha pa mtengo wakale, musawakane chifukwa cha mkwiyo. Kukana chinthu chomveka chotere kukhoza kuchepetsa chipukuta misozi chanu. Alandireni, koma mulembe kuti kulandira kwanuko sikukutanthauza kuti mwasiya kufuna za matumba 120 otsalawo.

Nanga sukulu ija ikanatilanda ntchito chifukwa ufa wachedwa, phindu lonselo tikanamulipiritsa venda? Yankho lake makhothi athu amalitenga pa mlandu wa ku Mangalande wa mu 1854, wa Hadley ndi Baxendale, ndipo nawonso unali wa chigayo. Shafiti ya chigayo cha ku Gloucester inathyoka, eni ake n'kuipereka kwa onyamula katundu kuti ikakhale chitsanzo popanga ina ku Greenwich. Onyamulawo anachedwa, chigayo chinaima masiku ochuluka, koma khothi linakana kupereka phindu lotayikalo chifukwa onyamulawo sanadziwitsidwe kuti popanda shafitiyo chigayo sichingagwire ntchito. Wolakwa amalipira zotayika zimene mwachibadwa zimatsatira kuphwanya pangano, komanso zimene mbali zonse ziwiri zinkazidziwa pogwirizana. N'chifukwa chake mgwirizano wathu uliwonse tsopano uli ndi mzere wonena kuti chimangachi n'chokagaya ufa wa oda ya sukulu, wofunika pofika tsiku lakuti.

K4,850,000 ija venda anailipira pang'onopang'ono atalandira kalata ya loya yokhala ndi mapepala onse aja. Zikanakanika, lamulo limapereka zaka 6 zosumira mlandu wa mgwirizano, ndipo ku khothi lalikulu milandu yambiri yotere imayamba yadzera kwa mkhalapakati. Komabe chigamulo chokukomerani sichitanthauza kuti ndalama zafika ngati munthuyo alibe kanthu, ndiye dipoziti ya theka inali yochuluka zedi. Pano timalipira pa thumba limene latsitsidwa n'kuyezedwa pasikelo yathu.

Kuthetsa mgwirizano kuli mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Zimene tinachita ndi venda ndi kuthetsa chifukwa mnzathu walephera mbali yaikulu ya pangano: zotsala zonse zimaima, koma ufulu wofuna chipukuta misozi umakhalapo. Mtundu wina ndi wofafaniza mgwirizano ngati sunakhalepo, chifukwa munalowamo mutanamizidwa, aliyense n'kubweza zimene analandira. Pachigayo izi zimaoneka kwambiri pa mota. Munthu amakugulitsani mota akuti ndi yatsopano, pamene ndi yakale yokulungidwanso mawaya n'kupakidwa penti. Zizindikiro zake ndi mabawuti okalikakalika, kachitsulo kolembedwa mphamvu yake kooneka kuti kanachotsedwapo, ndi kutentha msanga ikangonyamula ntchito.

Mukaziona zimenezi, izimitseni nthawi yomweyo, muijambule, muitane wa zamagetsi alembe zimene wapeza, ndipo wogulitsayo mumuuze m'kalata kuti mwaikana ndipo mukufuna ndalama zanu. Musaimasule mkati, musaipereke kwa mmisiri kuti aikonze. Mukaigayira miyezi iwiri mukudziwa vutolo, lamulo limatenga kuti mwailandira, ndipo simungaibwezenso. Chimene mungafune pamenepo ndi kusiyana kwa mtengo wa mota yatsopano imene munalonjezedwa ndi mtengo weniweni wa yakale imene ili pachigayo panu.