Mwera unandiulutsira mizere 38

Ndine mphunzitsi kuno ku Salima, koma chaka chatha ndinabwereranso pa benchi, kuphunzira digiri pa nthawi ya tchuthi. Kafukufuku wanga anali wa chilumba cha Mbenji, kumene mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula n'kudzatsegula cha mu Epulo. Funso langa linali loti, n'chifukwa chiyani asodzi amamvera lamulo la mfumu kumeneko pomwe la boma amalizemba kwina?

A Dokotala ondiyang'anira anandipatsa mndandanda wa mabuku ndi mapepala 38. Anati chilichonse ndichilembe mwadongosolo la APA, kuyamba dzina la wolemba, chaka, mutu, kenako kumene chinasindikizidwa, zonse motsatira alifabeti. Pansi pake ndiike mzere umodzi wokha wonena phindu lake pa funso langa. Mzere umodzi! Ine amene ndimalemba malipoti a ana 90 usiku umodzi ndinangoseka chamumtima.

Sindinawerenge kanthu, kunama ayi. Ndinapita kwa mlamu wanga ku Senga Bay, n'kukhala pakhonde, n'kudula timapepala 38. Ndikayang'ana mutu wa buku, ndinkalemba mzere pakapepala n'kukasanjika pamwamba pake. "Likufotokoza bwino za usodzi." "N'lofunika kwambiri pa kafukufukuyu." "Likukamba mwakuya za nsomba." Pofika pa buku la 20 mawu anandithera, ndiye ndinkangosinthanitsa "bwino" ndi "mwakuya".

Munali mu Julayi. Nditangolowa m'nyumba kukatenga tiyi, mwera unakuntha. Potuluka ndinapeza timapepala tanga tili pathandala la usipa la oyandikana nawo, tina mumpanda, kamodzi mbuzi ikukatafuna mosafulumira. Ana anatolera 35, n'kundilipiritsa maswiti. Vuto linabuka pobwezera, chifukwa panalibe kapepala kamene kankadziwa kwawo. Kalikonse kankakwana pa buku lililonse. Ndinangogawa ngati makadi, atatu osowawo n'kupeka pomwepo.

A Dokotala anawerenga tsamba loyamba ali chete, lachiwiri akugwedeza mutu. Pa lachitatu anavula magalasi.

"Aphunzitsi, pepala ili mwati likuonetsa mmene ana a asodzi amajombera kusukulu. Mwaliwerenga?"

"Pang'ono, a Dokotala."

"Ana ake ndi usipa?"

Pa Chingerezitu gulu la nsomba zosambira pamodzi amalitchulanso kuti sukulu. Ine nditaona liwulo pamutu, mtima wauphunzitsi unadumpha. Chondipweteka n'chakuti mzere umenewu ndi wokhawo umene ndinaubwezera pamalo pake molimba mtima.

Atamaliza kuseka anaphimba mitu yonse ndi dzanja, n'kundiuza kuti ndiloze buku la mzere uliwonse. Ndinalephera, monga ndinalepherera pakhonde paja. Anati mayeso ake ndi omwewo: mzere ukatheka kusamukira pansi pa buku lina popanda wodabwa, sunanene kanthu. Anawonjezera kuti kunena zomwe zili m'buku ndi ntchito ina, imene wolemba anaichita kale m'chidule chake. Yanga inali kunena chomwe bukulo lindichitire ineyo, ndi pomwe likulekezera.

Ndinayambiranso. Pepala lililonse ndinkawerenga chidule, njira imene anafufuzira, ndi mathero, n'kulemba pambali zinthu zinayi: kuti, liti, anafunsa ndani kapena anayeza chiyani, anapeza chiyani. Zinkanditengera mphindi 20, mabuku akuluakulu kupitirira, chifukwa ndinkasaka kaye chaputala chondikhudza. Kenako ndinkabwerera ku funso langa n'kudzifunsa ngati pepalalo likundichirikiza, likunditsutsa, likundibwereka njira, kapena likungondipatsa mbiri.

Lina linali la makomiti a m'madoko a ku nyanja ya Malombe, omwe anayamba mu 1993 chambo chitachepa. Poyamba linagweredwa kapepala koti "Likukamba mwakuya za nsomba." Tsopano ndinalemba kuti: "Ndilifanizira ndi Mbenji, chifukwa ku Malombe makomiti anabwera ndi boma pomwe ku Mbenji lamulo linachokera kwa mfumu; koma silikhudza nyanja yaikulu." Mzere umenewo mwera utauulutsa mpaka ku Chipoka, ungabwerere wokha.

Powerenga ndinatulukiranso zina zochititsa manyazi. Mapepala awiri anali a munthu mmodzi, chaka chimodzi, ndipo ine ndinafufuta limodzi poganiza kuti a Dokotala anabwereza. Amangofuna zilembo a ndi b pambuyo pa chaka. Ena asanu, kuphatikizapo la ana a sukulu osambira aja, ndinasowa chowalembera. Ndinapita mwamantha kukaulula, a Dokotala n'kungoti ndiwachotse, anawaikamo dala kuti aone ngati ndikuwerenga.

Mndandanda wa 33 unadutsa. Koma nkhani inafika kwa anzanga a m'kalasi, ndipo mpaka lero ndikagula usipa pamsika wa Kamuzu Road, pamapezeka wina wondifunsa ngati ndawaitana kale mayina.