Foni ija inafa kalekale, koma kiyi anali adakali kwa eni ake

Kashopu kanga kali ku Chikanda, kufupi ndi kumene ana ambiri a ku Chanco amachita lendi. Ndimatayipa, kupulinta ndi kusikana, ndipo pafupifupi chilichonse chimene chadutsa m'manja mwanga chimakathera mu Google Drive ya akaunti imodzi: ma asayimenti, makalata ofunsira ntchito, zitupa za unzika, ngakhale mabuku a ndalama a banki m'khonde ya amayi ena a ku Matawale. Tsiku lina mlembi wa gululi atabwera kudzatenga mapepala awo anandifunsa kuti, "Achimwene, zitupa zathu zija mumaziona nokha, eti?" Ndinayankha msangamsanga kuti eya. Atatuluka, funso lija linandikhala pamtima, chifukwa ndinakumbukira kuti pa zaka zonsezi ndakhala ndikudina Allow kwa apu iliyonse imene yandipempha, bola ntchito ya kasitomala ithe.

Usiku womwewo ndinatsegula laputopu n'kulemba adiresi iyi:

```
myaccount.google.com/connections
```

Mukhozanso kufikapo polowa mu akaunti yanu ya Google, kupita pa Security, n'kutsika mpaka pamene palembedwa za maapu ndi masevisi a anthu ena. Pa foni zimathekanso, koma ine ndimakonda sikirini yaikulu chifukwa pali zowerenga. Ndinapezapo mayina 23. Ena ndinawazindikira, koma angapo ndinachita kukanda m'mutu.

Poyamba ndinaganiza kuti onsewa akuona mafayilo anga, n'kutsala pang'ono kuwasesa onse nthawi imodzi. Si choncho. Pamwamba pa mndandandawu pali posefera, ndipo nditasefa ndinaona kuti 14 anali a Sign in with Google basi. Amenewa ndi malo amene ndinalowa pogwiritsa ntchito akaunti ya Google m'malo mopanga pasiwedi ina, ndipo chimene amatenga ndi dzina, imelo ndi chithunzi cha pa akaunti. Mu Drive salowamo. Ndinawasiya kaye. Mwa 9 otsalawo, 4 anali ndi chilolezo cha kalendala kapena manambala a anthu, ndipo 5 ndiwo anali ndi dzanja mu Drive. Ntchito yeniyeni inali pa asanuwa.

Ukadina dzina la apu kenaka See details, pamatuluka tsiku limene unaipatsa chilolezo komanso chiganizo chonena zimene ingachite. Chiganizochi ndicho chofunika kuchiwerenga modekha, chifukwa pali ziwiri zimene zimayamba mofanana ndendende, koma tanthauzo lake n'lotalikirana ngati Chinamwali ndi Ku Chawe:

```
See, edit, create, and delete all of your Google Drive files
See, edit, create, and delete only the specific Google Drive files you use with this app
```

Chachiwiricho n'chopapatiza. Apuyo imangogwira mafayilo amene yapanga yokha kapena amene mwaisankhira inuyo. Zina zonse siziiona. Choyambacho ndiye kiyi wa nyumba yonse. Apu yotero ikhoza kuwerenga, kukopera, kusintha ndi kufufuta chilichonse, ndipo sizithera pa mafayilo anu okha ayi: imafikanso pa zimene anthu ena anakugawirani, zija zili pa Shared with me. Apa ndi pamene ndinamva kutentha kumaso, chifukwa mlembi uja anandigawira foda yonse ya gulu lawo, ndipo ophunzira ambiri amanditumizira ntchito zawo mwa njira yomweyo. Chilolezo ndinapereka ndine, koma katundu amene anali pabwalo ndi wa eni ake. Palinso china chonena kuti See and download all your Google Drive files. Anthu amachiona chopepuka poti sichifufuta kanthu, koma kwa ine wosunga zitupa za anthu, kuona ndi kukopera ndiye vuto lenilenilo.

Mwa asanu aja, awiri anali ndi kiyi wa nyumba yonse. Imodzi inali apu yolumikiza mafayilo a PDF, ndipo tsiku la chilolezo linkaonetsa chaka cha 2021. Ndinaikumbuka. Mnyamata wina anabwera ndi machaputala asanu olekana, akufuna akhale fayilo imodzi pasanathe ola, ndiye ndinakoka apu yoyamba imene ndinaiona. Ndinaigwiritsa ntchito kawiri kapena katatu, ndipo foni imene inali ndi apuyo inagwera m'chidebe cha madzi chaka chotsatira.

Mphwanga amene amandithandiza Loweruka ataona zimenezi anati, "Koma amalume, foni ija si inafa? Ndipo pasiwedi munasintha chaka chatha." Nanenso ndinkaganiza choncho, ndipo maganizo amenewa ndiwo amagoneka anthu tulo. Chilolezo sichikhala mu foni. Mukadina Allow, Google imapatsa apuyo tokeni, kachiphaso kolowera popanda pasiwedi yanu, ndipo maapu ambiri amasunga tokeniyo pa makompyuta a kampani yawo. Tokeni yolowera imatha mphamvu pakadutsa pafupifupi ola limodzi, koma ena amalandiranso ina yokhalitsa yokatengera zatsopano, moti angathe kulowa inu muli mtulo, foni ili yozima. Kuchotsa apu mu foni sikuuza Google chilichonse. Kusintha pasiwedi kumadula matokeni amene ali ndi chilolezo cha Gmail, koma ya Drive yokha imapitiriza kugwira ntchito. N'zoona kuti tokeni yokhalitsayo ikakhala miyezi 6 osagwiritsidwa ntchito imafa yokha, koma patsamba paja pamaoneka tsiku lopereka chilolezo, osati tsiku limene apuyo inalowa komaliza, ndiye palibe chifukwa chodikira kuti ife yokha.

Kuchotsako n'kosavuta: See details, kenaka Remove access, kenaka Confirm. Ngati apuyo ili ndi zonse ziwiri, chilolezo ndi Sign in with Google, pali batani lina pansi loyamba ndi mawu akuti Delete all connections. Koma musanadine, ganizani za ndondomeko yake. Remove access imatseka chitseko kuyambira pamenepo, sibweza zimene zinatuluka kale. Ngati apuyo inasunga mafayilo anu kwawo, adakali komweko. Choncho ndinayamba ndalowa pa webusayiti ya apu ya PDF ija, chifukwa ndinkalowamo ndi Google yomweyo. Ndinapezamo mafayilo 3 akale, machaputala a mnyamata uja. Ndinawafufuta, n'kutseka akaunti ya kumeneko, kenaka m'pamene ndinabwerera kudzadula chilolezo. Mukayamba ndi kudula, ndiye kuti pofuna kukasesa kumeneko mudzafunika kulowanso, ndipo maapu ena polowa amapemphanso chilolezo chomwe chija mwangochotsacho.

Yachiwiri ya kiyi wamkulu inali ndi dzina limene sindinalizindikire n'komwe. Ndinakumbukira nkhani ya mu Meyi 2017, pamene akathyali anapanga apu yabodza n'kuitcha Google Docs, anthu ambirimbiri n'kuipatsa chilolezo cha maimelo awo poganiza kuti akutsegula kalata ya mnzawo. Dzina la apu amalemba ndi mwini wake, ndiye dzina lokha si umboni. Ndinaichotsa osaganizanso kawiri.

M'mawa mwake ndinazindikira kuti ndadula nthambi imene ndinakhalira. Ndili ndi fomu imene ophunzira amalembapo oda ya kupulinta, ndipo kale mnzanga wina anandiikira kachida kowonjezera kamene kamatenga yankho lililonse, kupanga lisiti ya PDF, kuiika mu foda n'kuitumiza kwa kasitomala. Dzina lachilendo lija linali la kachida kameneka. Palibe uthenga umene unandichenjeza. Mayankho ankalowa mu fomu bwinobwino, koma foda ya malisiti inangoti zii, ndipo ndinadziwa mtsikana wina atafika n'kunena kuti, "Ankolo, lisiti sinabwere." Umu ndi mmene zimaonekera mukachotsa chinthu chogwira ntchito mseri: sichilira, chimangosiya. Kukonza kwake kunali kutsegula kachidako mu fomu muja, n'kuperekanso chilolezo. Malisiti 6 a m'mawa umenewo ndinalemba pamanja. Ndikanayamba ndasaka dzina lija mu Gmail ndikanapeza maimelo ake, ndipo tsiku la chilolezo likanandikumbutsa mwezi umene tinakonza fomuyo. Ndinaibwezera ndikudziwa kuti kiyi wake ndi wamkulu kuposa ntchito yake, ndipo ndinayamba kukonza zosamutsira fomuyo ku akaunti ina yopanda zitupa za anthu.

Atatu otsalawo sanandivute. Apu yosikanira mapepala inali ndi chilolezo chopapatiza chija ndipo ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndiye inatsala. Ina yojambulira ma chati, yopapatizanso, ndinaisiya kalekale, ndiye inapita. Mafayilo amene inapanga anatsala mu Drive, kungoti mtundu wake sutsegukanso popanda apuyo, choncho ndinayamba ndasunga awiri ofunika ngati zithunzi. Yachitatu inali gemu ya mphwanga uja, imene inkangosunga zinthu zake zokha m'kafoda kobisika.

Kafoda kobisikaka kali ndi malo akeake okaonera. Mu Drive pa kompyuta, dinani kagiya kali kumtunda kumanja, Settings, kenaka Manage apps. Pa apu iliyonse pali Options, ndipo mmenemo muli Disconnect from Drive, komanso Delete hidden app data ngati apuyo inasungako kanthu. Zobisikazi sizioneka pakati pa mafayilo anu koma zimadya malo pa 15 GB imene Drive, Gmail ndi Google Photos zimagawana. Za gemu zija ndinafufuta n'kudulanso chilolezo chake, mphwanga akung'ung'udza pambali. WhatsApp, imene imasunga macheza a pa Android mu akaunti ya Google, sindinaikhudze, poti ndi mmene macheza ndi makasitomala amabwerera foni ikatayika, ndipo za foni zogwera m'chidebe ndikuzidziwa bwino.

Nditamaliza ndinatsegulanso tsamba loyamba lija kuti nditsimikize, ndipo mu Drive munatsala maapu 2. Kenaka ndinakumbukira kuti funso la mayi aja linali ndi mbali ina imene tsambali siliona. Fayilo imene mwaigawa ndi Anyone with the link siidalira apu iliyonse. Aliyense amene ali ndi linkiyo amatsegula. Ndinadina Share pa foda ya zitupa, ndipo inalidi yotero, kuyambira tsiku limene ndinatumiza linki pa gulu lawo la WhatsApp. Ndinaisintha kukhala Restricted, n'kuikapo imelo ya mlembi yekha.

Lachisanu atabweranso ndinawafotokozera zonse, kuphatikizapo za apu ya 2021 ija, poti foda yawo inali pamalo amene apuyo ikanatha kufika. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndiye zitupazo mungozifufutiratu, achimwene, ntchito yake inatha kale." Tinazifufuta ali pomwepo, n'kulowanso mu Trash kukakhuthula, chifukwa zikangosiyidwa mmenemo zimakhalamo masiku 30.