Wakuba wa 2 koloko usiku

Bilu yathu ya kilaudi, makompyuta a kampani ina omwe timasungako zinthu kudzera pa intaneti, inali ya ulemu: madola 11 ndi masenti 50 pamwezi, posunga magigabayiti 500 a mafayilo a kuofesi. Ndiye tsiku lomwe mayi a zandalama anandiitana n'kundilozera mzere wa madola 891, ndinayamba ndapukuta kaye magalasi. Nambala sinasinthe. Pambali pake panalembedwa kuti Data Transfer Out.

"Tabedwa, mayi," ndinatero mwachidaliro. "Wina akukoka deta yathu."

Ndinasintha mapasiwedi onse, ngakhale a pulinta. Ndinaitanitsa msonkhano. Ndinaonetsa abwana chithunzi cha momwe deta inkatulukira: magigabayiti 500 usiku uliwonse, kuyambira 2 koloko ndendende, kwa masiku 20. Ndinafotokoza kuti wakubayu ndi katswiri woopsa. Mnzanga wina wa zamakompyuta, munthu wosalankhulalankhula, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Achimwene, wakuba wake ndi wosunga nthawi bwanji? Ndipo n'chifukwa chiyani akuba mafayilo omwewomwewo tsiku lililonse?"

Anatsegula seva yathu yachiwiri, yomwe timachita lendi ku kampani ina, mmene timasungamo kope la mafayilowo. Pa ndandanda wa ntchito zodziyendera zokha panali mzere uwu, wolamula sevayo kuti 2 koloko usiku uliwonse iziyerekeza mafayilo a ku kilaudi ndi kope lathu:

```
0 2 * * * rclone check --download mtambo:mafayilo /kope
```

Mutu unaima. Mzerewo ndinaulemba ndine, ndipo tsiku lomwe ndinaulemba ndinapita kunyumba ndikudziyamikira. Ndinkafuna kutsimikiza kuti makope awiriwo akufanana. Popanda `--download`, lamuloli limangoyerekeza kukula kwa fayilo ndi hashi yake, kachidindo kakafupi komwe kamasintha fayilo ikasintha, ndipo deta yotuluka imakhala yochepa kwambiri. Ine ndinaona ngati kumeneko n'kuchita ulesi. Ndinalamula kuti fayilo iliyonse izitsitsidwa yonse, iwerengedwe, kenako itayidwe. Mawa lakenso chimodzimodzi.

Masamu ake ndi a kupulayimale, n'chifukwa chake amapweteka. Magigabayiti 500 kwa masiku 20 ndi 10,000. Oyamba 100 pamwezi anali aulere (zikomo kwambiri), otsala 9,900 pa masenti 9 iliyonse, basi madola 891. Kusunga gigabayiti imodzi mwezi wathunthu kunali masenti awiri ndi kanyenyeswa, koma kuitulutsa kamodzi kokha kunali ngati kuisunga pafupifupi miyezi inayi.

"Koma pokweza mafayilowa sitinalipire kalikonse," anatero abwana. Ndipo ankanena zoona, ndi zomwe zinandipusitsa inenso. Ndinkayesa kuti khomo ndi limodzi, mtengo wake umodzi.

Mnzanga uja anafotokoza ine ndili zyolizyoli. Ndalama imeneyi amaitcha igiresi, ya deta yotuluka. Kampani ya kilaudi imalipira misewu ikuluikulu ya intaneti, ndipo kawirikawiri malipirowo amawerengedwa potengera mbali yomwe yadzaza kwambiri, yolowa kapena yotuluka. Ku kilaudi yodzaza ndi yotuluka: munthu amatumiza kapempho kakang'ono, seva imamuyankha ndi vidiyo yathunthu. Njira yolowera imakhala ili mbee, choncho deta yako ikadutsamo siwonjezera chilichonse pa bilu yawo. Ikatuluka ndiye yakwera pamsewu wopanikizana kale.

Mpaka apa ndinkagwedeza mutu ngati womvetsa. Koma chifukwa chimenechi sichikwanira masenti 9 onse, poti ogula intaneti mwapikulitsa salipira zoyandikira n'komwe pamenepo. Chotsalacho ndi nzeru za mono: nsomba imalowa mosavuta, potuluka ndi nkhani ina. Deta ikalowa mwaulere umayamba kulipira kuisunga mwezi ndi mwezi, ndipo ikamachuluka mtengo wosamukira kwina umakula nayo. Wa magigabayiti 500 angasamuke ndi madola 45 kapena kucheperapo. Wa magigabayiti miliyoni amayamba wakhala pansi. Mu 2024 makampani akuluakulu anayamba kukhululukira ndalamayi kwa amene akusamuka, bola apemphe. Koma ine sindinkasamuka. Ndinkangotuluka ndi katundu yense usiku uliwonse, n'kumuwerenga pabwalo, m'mawa ndili m'nyumba momwemo.

Ndinafufuta `--download`, ndinasintha kuti kuyerekezako kuzichitika kamodzi pamlungu, ndipo ndinaika chenjezo loti bilu ikapitirira madola 20 foni yanga ilire. Chenjezo lotere linalipo kuyambira kale, kungoti ndinali ndisanalitsegule.

Tikutuluka, abwana anandiimitsa pakhomo.

"Pa masiku 20 onsewa, munapezapo fayilo yowonongeka?"

"Ngakhale imodzi, bwana. Onse ali bwinobwino."

"Ndiye madola 891 tagula chiyani?"

"Mtendere wa mumtima, bwana."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wa ndani?"