Momwe ndinalembera kalata yopempha tchuthi chodwala atandichotsa ndulu

Ndimagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina yogula mbewu pa Boma pa Dedza, ndipo ndimakhala cha ku Bembeke. Pepala la ntchito limati ndine kalaliki, koma aliyense amene anagwirapo ntchito m'nyumba yosungira mbewu akudziwa kuti nthawi ya soya ndi nyemba kalaliki nayenso amakoka matumba a makilogalamu 50 pa sikelo. Nditagonekedwa kuchipatala chachikulu ku Lilongwe kuti andichotse ndulu chifukwa cha miyala, kalata yopita kwa abwana inayenera kunena zinthu ziwiri momveka: ndibwerera liti, ndipo ndikabwerera ndidzatha kugwira ntchito iti.

Musanalembe chilichonse, funsani adokotala kuti opaleshoni yanu inali ya mtundu wanji, chifukwa masiku onse a m'kalatamo amachokera pamenepo. Pali njira yoboola timabowo ting'onoting'ono pamimba n'kulowetsa kamera. Wochitidwa njira imeneyi amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo ngati ntchito yake ndi yokhala pa mpando, ambiri amabwerera pakatha masabata awiri. Njira ina ndi yong'amba, pomwe amacheka pansi pa nthiti za kumanja n'kudula minofu ya pamimba. Pamenepo munthu amagona m'chipatala masiku atatu mpaka asanu, ndipo thupi limafuna masabata 6, ena mpaka 8, kuti libwerere mwakale. Ine anandichita yong'amba. Ndikunena izi chifukwa abwana ambiri amakhala kuti anamvapo za wina amene anachotsedwa ndulu n'kubwerera ku ntchito msanga, osadziwa kuti iyeyo anamuboola timabowo. Kalata yanu ikatchula mtundu wa opaleshoni, mkangano umenewo sukhalapo.

Chachiwiri ndi kalata ya adokotala. Lamulo la ntchito m'dziko muno, la chaka cha 2000, pa ndime 46, limati olemba ntchito sakakamizidwa kupereka tchuthi chodwala ngati wodwalayo sanabweretse umboni wolembedwa ndi dokotala wovomerezeka. Zolembedwa m'buku lanu la kuchipatala zilipo ndithu, koma buku limenelo musalipereke ku ofesi. Muli mbiri ya matenda anu onse, ndipo a ku ntchito alibe nayo gawo. Ine ndinapempha kalata yapadera m'mawa wa tsiku lotuluka, adokotala akuyendera odwala. Ndinawauza ntchito yanga mmene ilili, kuti ndimanyamula matumba komanso kuti kuchokera kunyumba ndimakwera njinga yamoto pamsewu wa fumbi ndisanafike pa tala. Atamva zimenezo analemba masabata 6 opuma, ndipo anawonjezera kuti ndisanyamule zolemera mpaka masabata 8 atakwana. Akanangomva kuti ndine kalaliki, mwina akanalemba masiku ochepa. Musanachoke pa wodi onetsetsani kuti pakalatapo pali dzina lanu monga lilili ku ntchito, tsiku logonekedwa, tsiku la opaleshoni, masabata opuma, siginecha ndi chidindo cha chipatala. Kubwereranso ku Lilongwe kukangofuna chidindo, bala lili laliwisi, ndi ulendo woti muupewe.

Kenako ndinakhala pansi kuwerengera malipiro. Ndime 46 yomweyo imati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu, chaka chilichonse, wa masabata 4 odwala pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka la malipiro. Amenewa ndi masiku ochepetsetsa omwe lamulo limalola. Ngati mgwirizano wanu wa ntchito umapereka zoposa apo, mumatsata mgwirizanowo, ndipo ogwira ntchito m'boma ali ndi ndondomeko zawozawo. Kwa ine masabata 6 amatanthauza 4 athunthu ndi 2 a theka. Pa malipiro a K240,000 pa mwezi, masabata awiri ndi pafupifupi K120,000, ndiye theka lake, K60,000, likanatsala ku kampani mwezi womwe ndikufuna ndalama za mayendedwe ndi mankhwala. Ndinali ndi masiku a tchuthi changa cha pachaka osagwiritsa ntchito, choncho ndinaganiza zopempha kuti masabata awiri omalizawo awatenge pamenepo. Abwana akhoza kuvomera kapena kukana, ndiye ndinalemba ngati pempho. Ena angakonde kulandira theka n'kusunga tchuthi chawo kuti akagwire ntchito kumunda mvula ikayamba, ndipo amenewonso ndi maganizo abwino. Kumbukiraninso kuti masiku omwe munajomba kale chaka chomwecho chifukwa cha kupweteka kwa miyalayo akhoza kukhala atadyako pa masabata anayi aja. Funsani a ku ofesi akuwerengereni.

Kalatayo ndinailemba nditafika kunyumba. Maofesi ambiri amafuna Chingerezi, koma mfundo zake n'zomwezi. Pamwamba ndinaika dzina, udindo, keyala ndi tsiku, kenako mutu woti "Pempho la tchuthi chodwala". Mawu ake anali awa:

"Bwana Manijala, ndikulemba kupempha tchuthi chodwala cha masabata 6, kuyambira Lolemba pa 3 Juni mpaka Lamulungu pa 14 Julaye. Ndinagonekedwa m'chipatala pa 3 Juni, ndipo pa 4 Juni anandichita opaleshoni yong'amba pamimba yochotsa ndulu. Ndinatuluka pa 8 Juni. Kalata ya adokotala ndaiphatika pambuyo pa kalata ino.

"Malinga ndi adokotala, akandichotsa ulusi pa 14 Juni, ndipo ndikaonedwanso pa 2 Julaye. Zonse zikayenda bwino ndidzayamba ntchito Lolemba pa 15 Julaye. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kutha kwa Julaye ndidzatha kulemba mabuku, kuwerenga sikelo ndi kulandira makasitomala, koma sindiloledwa kunyamula kapena kukoka matumba. Ngati adokotala adzasinthe masikuwa pa 2 Julaye, ndidzakudziwitsani tsiku lotsatira ndi kalata yawo ina.

"Ndikupempha kuti masabata 4 oyamba akhale a tchuthi chodwala pa malipiro athunthu, ndipo ngati n'kotheka masabata 2 otsalawo muwachotse pa tchuthi changa cha pachaka. Makiyi ndi mabuku a katundu ndinawasiya kwa mnzanga wa pa sikelo pa 31 Meyi, titawerengera limodzi katundu yense n'kusainirana. Pakakhala funso pa mabukuwo mukhoza kundiimbira masana. Ndidzathokoza mukandiyankha polemba. Ndine wantchito wanu."

Mawu oti "zonse zikayenda bwino" ndi tsiku la 2 Julaye ndinawaika dala. Munthu ukalemba tsiku lobwerera ngati lumbiro, bala likachita mafinya umaoneka wabodza. Ukalembanso kuti "ndidzabwera ndikachira", abwana sadziwa kuti alembe waganyu wa masiku angati, ndipo amayamba kukuimbira foni sabata iliyonse. Tsiku lokaonedwanso limawapatsa nthawi yoti adzamve nkhani yotsimikizika. Za matendawo sindinafotokoze zambiri. Mtundu wa opaleshoni ndi zomwe sindingathe kuchita zinakwanira.

Kalatayi inapita ndi alamu anga, ili pawiri, pamodzi ndi fotokope ya kalata ya adokotala. Yeniyeniyo anangoionetsa n'kubwera nayo. Ndinawatsindikira kuti, "Alamu, musachoke pa ofesipo asanadinde inayo n'kulembapo tsiku." Abwana anali atamva kale pa foni ndisanagonekedwe, koma mawu a pa foni salowa m'faelo, ndipo wokonza malipiro amaona faelo. Lamulo lomwe lija, pa ndime 57, limati kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito. Koma zinthu zitavuta n'kufika ku ofesi ya leba ya pa Boma, adzafuna kuona pepala losonyeza kuti munadziwitsa liti, ndipo ndi kalata yodindidwa ija.

Tsopano za mmene masabatawo amayendera, kuti muone chifukwa chake simuyenera kuwafupikitsa pofuna kusangalatsa abwana. Sabata yoyamba kudzuka pabedi kumafuna kugona cham'mbali kaye n'kudzikankha ndi mkono. Kuzizira kwa Juni kuno ku Dedza kumabweretsa chifuwa, ndipo kutsokomola kulikonse kumakoka bala. Anamwino anandiphunzitsa kukanikiza pilo pamimba potsokomola. Kuyenda pang'onopang'ono pabwalo kumafunika kuyambira pachiyambi, chifukwa kugona tsiku lonse kumachititsa magazi kuundana m'miyendo komanso kudzimbidwa. Ulusi ukachotsedwa khungu limaoneka lapola, ndipo apa ndi pomwe anthu amanyengeka. Pofika sabata yachitatu ndinkadzimva ngati ndachira, ndikutha kuphika ndi kuyenda mpaka kumsika. Koma minofu ya mkati imene anasoka imachedwa kulimba kuposa khungu. Ukanyamula thumba kapena ndowa ya madzi nthawi imeneyi, msoko wa mkatiwo ukhoza kulekana, matumbo n'kumatukumula khungu pachipserapo, ndipo zikatero pamafunika opaleshoni ina ndi tchuthi china. N'chifukwa chake masabata awiri a ntchito yopepuka aja ndinawalemba m'kalata, m'malo modzawapempha pakamwa galimoto ya soya itaima kale pakhomo.

Mimba nayo imafuna nthawi. Chiwindi chimapitiriza kupanga madzi a ndulu, koma popeza thumba lowasungira palibe, amangotsikira m'matumbo pang'onopang'ono nthawi zonse. Anthu ena amatsegula m'mimba masabata oyamba, makamaka akadya zamafuta monga tchipisi, kanyenya kapena mandasi. Kwa ambiri zimachepa zokha. Ine ndinkadya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo nditayamba ntchito ndinkatenga chakudya cha kunyumba.

Pali zizindikiro zomwe simudikira nazo tsiku lomwe anakulemberani. Thupi likatentha, bala likafiira n'kutupa kapena kutuluka mafinya, maso akachita chikasu, mkodzo ukada, mukamasanza mosalekeza, mimba ikamapweteka moonjezeka, kapena mwendo umodzi ukatupa n'kumawawa, pitani kuchipatala cha pa Boma tsiku lomwelo. Maso achikasu akhoza kutanthauza kuti mwala wina unatsalira m'njira ya madzi a ndulu. Zoterezi zimasintha masiku onse a m'kalata ija, ndiye pemphani kalata yatsopano ya adokotala pomwepo, ndipo lembani kwa abwana tchuthi choyamba chisanathe, kutchula tsiku la kalata yoyamba ndi tsiku latsopano lobwerera.

Kwa ine yankho linabwera polemba sabata yachiwiri: anavomera masabata 4 athunthu ndi 2 a pa tchuthi cha pachaka. Pa 2 Julaye adokotala anagwiragwira bala n'kunena kuti masiku asasinthe, ndipo ndinawapempha alembe mzere umodzi wotsimikizira kuti ndikhoza kuyamba ntchito yopepuka pa 15 Julaye, chifukwa maofesi ena amafuna kapepala kotere asanakulandire. Ngati simunakwanitse miyezi 12 pa ntchitoyo, kalata yanu ikhale yomweyi, koma ndime ya malipiro muilembe mopempha: tchulani masiku a tchuthi omwe mwapeza kale, ndipo otsalawo mupemphe kuti akhale tchuthi chopanda malipiro, malo anu akusungidwa mpaka tsiku lomwe mwalembalo.