Mzere waufupi wa m'chikhatho cha mng'ono wanga

Ndikuphunzira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba kuno ku Joni, ndipo mwezi wathawu tinali pa mutu wa khungu ndi manja. Mutuwu ndikadangouwerengera mayeso basi, koma unandipeza pa nthawi yomwe m'nyumba mwathu munali nkhawa. Mng'ono wanga, yemwe amasoka zovala ku Fordsburg, anakumana ndi bambo wina pamalo okwerera mateksi. Bamboyo anamugwira dzanja, n'kuliyang'ana pang'ono, kenako n'kumuuza kuti mzere wake wa moyo ndi waufupi, zaka 40 sadzazikwanitsa. Iye ali ndi zaka 27. Kwa masabata awiri sankagona tulo. Tsiku lina usiku anandifunsa kuti, "Achemwali, kodi kunyamula maliro kuchoka kuno kukafika ku Balaka amalipira zingati?" Apo mtima wanga unasweka, ndipo ndinaganiza zoifufuza nkhaniyi mpaka pamizu.

Mzere womwe amautcha wa moyo ndi uja umayambira pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, n'kuzungulira mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu kulowera kumene dzanja limalumikizana ndi mkono. M'kalasi tinaphunzira kuti ndi mpindiko wa khungu. Umapangika mwana akadali m'mimba, cha m'mwezi wachitatu, ndipo ntchito yake ndi kulola khungu kupindika bwino chala chachikulu chikamagwira zinthu. Gunditsani chala chachikulu ndi chaching'ono, muona khungu likupindikira ndendende pamzerewo.

Chomwe chinandidabwitsa ndi chakuti owerenga zikhatho ambiri a masiku ano amakana okha kuti kutalika kwa mzerewu kumasonyeza zaka zimene munthu adzakhale ndi moyo. Koma ndinene chilungamo, mantha amenewa sanangogwa kumwamba. Mabuku akale ankanenadi za imfa. Cheiro, munthu wa ku Ireland amene dzina lake lenileni linali William John Warner, anatulutsa buku lotchuka la kuwerenga manja mu 1894, ndipo ankaphunzitsa kuti mzere wautali wooneka bwino umalonjeza moyo wautali, pomwe wodukira pamalo amodzi m'manja onse awiri ndi chizindikiro cha imfa. Bambo wa pa teksi uja anali kubwereza chiphunzitso chakalecho, koma ngakhale dzanja lachiwiri sanalione n'komwe.

Nanga a masiku ano amayang'ana chiyani? Amati mzerewu umafotokoza mphamvu za thupi ndi mmene munthu amakhalira. Wozama ndi wooneka bwino, amati mwini wake ndi wojintcha, wopirira. Wopyapyala kapena wooneka ngati tcheni, amati ndi munthu wotopa msanga. Ukatambalala kulowa pakati pa chikhatho amati ndi wokonda kuyenda ndi kucheza, ukamamatira ku chala chachikulu amati ndi wosamala, wokonda pakhomo. Ndipo ukaduka, sanena za manda. Amati ndi kusintha kwakukulu, monga kusamuka, matenda, ukwati kapena ntchito yatsopano.

Loweruka m'mawa ndinamukhazika mng'ono wanga pawindo kuti tione dzanjalo pa kuwala kwa dzuwa, motsatira njira yomwe owerenga zikhatho amagwiritsa ntchito. Anasamba m'manja, n'kupinda chikhatho pang'ono ngati akufuna kutunga madzi, chifukwa ukatambasula kwambiri mizere yopyapyala imabisala. Ndinatenga tepi yake yoyezera nsalu. Kudzanja lamanja mzerewo unayenda masentimita anayi okha, n'kuthera pakati pa chikhatho. Pamenepa mpamene bambo uja analekezera. Koma titayang'anitsitsa tinaona mzere wina wopyapyala, woyambira pamwamba pang'ono pa pothera woyambawo, chakumbali kwake, ukutsika mpaka pafupi ndi mkono. Mizere iwiriyi inayenda mogundizana kwa theka la sentimita. Kudzanja lamanzere mzere unali umodzi, wosaduka, wa masentimita asanu ndi atatu.

Wowerenga zikhatho wodziwa ntchito yake akaona zotere sanena kuti mzere ndi waufupi. Amati waduka mopitirirana, kutanthauza kuti moyo wina unayamba wakale usanatheretu, kusintha komwe munthu anakukonzekera. Ambiri amati dzanja lomwe umagwiritsa ntchito limasonyeza zomwe wachita ndi moyo wako, linalo zomwe unabadwa nazo, choncho sagamula asanaone onse awiri. Amafufuzanso ngati mzere wooneka waufupiwo walowa mu mzere wina woongoka wa pakati pa chikhatho, womwe amati wa tsogolo, n'kupitirira nawo. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo munthu wothamanga amangoona chidutswa chapamwamba.

Mng'ono wanga atamva za kusamuka maso ake anawala. "Achemwali, si kubwera kwanga ku Joni kumeneku?" Apa ndinayenera kusamala, chifukwa sindinafune kumuchotsa mu mantha amodzi n'kumumangirira ku chikhulupiriro china. Ndinamuuza kuti m'basi iliyonse yochokera ku Blantyre yofika pa Park Station, aliyense wasamuka, koma mizere yawo ndi yosiyanasiyana. Ndinamuuzanso kuti mabuku a owerenga zikhatho sagwirizana n'komwe pa kawerengedwe ka zaka pamzerewu. Malo amodzi omwewo, buku lina likupatsa msinkhu wina, linanso wina. Ndiye chiwerengero cha 40 chija bamboyo anachitenga kuti?

Madokotala nawonso anayesapo. Mu 1974 ofufuza awiri, Wilson ndi Mather, anayeza mzerewu pa mitembo 51 ndipo sanapeze kugwirizana kulikonse ndi zaka zomwe anthuwo anafera. Mu 1990 madokotala a ku Bristol, ku England, anayeza mitembo 100, ndipo iwo anapeza kuti omwe anafa ali okalamba anali ndi mizere yotalikirapo. Kafukufuku ameneyu ndinakhala naye usiku wonse, chifukwa poyamba anandiopsa. Kenako ndinakumbukira manja a agogo omwe ndimawasambitsa pa maphunziro anga. Khungu lawo ndi lofota, lodzaza makwinya, ndipo mzere uliwonse umaoneka wozama ndi wautali. Kuyeza dzanja la munthu atamwalira sikukuuza mmene mzerewo unalili ali ndi zaka 20. N'kutheka kuti ukalamba ndiwo umatalikitsa mzere, osati mzere kubweretsa ukalamba. Kuti titsimikize, pakanafunika kuyeza achinyamata n'kuwatsatira moyo wawo wonse. Mu 2019 ofufuza a ku Adelaide, ku Australia, anayeza mitembo 60, ndipo nawonso sanapeze kugwirizana.

Sindikunena kuti dzanja silinena kanthu za thanzi. Limanena, koma m'njira ina. Mphunzitsi wathu anatiphunzitsa kuti zikhatho zoyera mbuu zingasonyeze kuchepa kwa magazi, ndipo nsonga za zala zotupa ngati ndodo za ng'oma zingasonyeze vuto la mapapo kapena mtima. Nditagwira dzanja la mng'ono wanga pawindo paja, chomwe chinandidetsa nkhawa sichinali kutalika kwa mzere, koma mtundu wake. Zikhatho zinali zotuwa, m'kati mwa zikope munali moyererako, ndipo anavomera kuti akhala akumva chizungulire akaimirira pa makina.

Lolemba ndinamuperekeza ku kiliniki. Atamuyeza anapeza kuti magazi ndi ochepa, ndipo anamupatsa mapiritsi a ayironi oti amwe kwa miyezi itatu, n'kumuuza kuti adzabwerenso kudzayezetsa. Pobwerera tinagula chiwindi ndi masamba ku Mayfair, ndipo usiku umenewo anagona mpaka alamu ya 5 koloko inalira.