Azakhali ndi ana 140 aja

Tulo takana. Nkhani ya azakhali ikungondizungulira m'mutu.

Anabwera masana akuchokera kuchipatala, anandipeza ndikuwerengera mayeso a ndondomeko za boma, zija timaloweza kuti choyamba vuto limveke mpaka atsogoleri alitenge ngati lawo, kenako akatswiri akonze njira ndi bajeti yake, boma livomereze, ntchito iyambike, pomaliza aunike ngati zaphula kanthu. Atasuzumira m'kope anangoti, mwanangu, zimenezi ine ndinaziona ndi maso, koma masitepewo ena anawadumpha.

Amanena za sukulu yaulere ya 1994. Vutolo linali litamveka kale, makolo amalira ndi fizi ndi yunifolomu, ndiye a Bakili Muluzi ndi UDF analitenga nkuliika mu kampeni. Zisankho zinachitika mu Meyi, chaka chisanathe ana anali atayamba kale kulowa ulere. Ndiye taganizani, miyezi yochepa yomweyo ndi imene amayenera kuwerengera kuti kubwera ana angati, makalasi angati, aphunzitsi achokera kuti, ndalama zili kuti. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Boma linathamangira kulemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri osapita kukoleji, azakhali anali m'gulu lomwelo. Akuti kosi yawo siinakwane ndi masabata atatu omwe, basi anawapatsa choko.

Apa mpamene mawu awo anasintha. Sitandade 1, ana 140, pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Kungoitana mayina m'kaundula nthawi ya masamu yatha. Mvula ikangoti wa, aliyense kwawo. Anati panali kamnyamata kena kamakhala kumbuyo kwenikweni, chaka chonse sanakamvepo mawu, chaka chotsatira sikanabwerenso ndipo dzina lake mpaka lero sakulikumbuka. Zinandikhudza kwambiri, sindinama.

Ndinayesa kuwatsutsa, ndati koma azakhali, akanadikira kuti zonse zikonzeke kaye si bwenzi ana osauka aja atakulira kudambo ndi ng'ombe? Sanakane. Anati kutsegula chitseko kunali koyenera ndipo sadandaula, chimene chimawawawa ndi kaunikidwe kake. Kwa nthawi yaitali chimene anthu amanyadira ndi chiwerengero cha olembetsa, pomwe funso lenileni linali lakuti mwa ana aja analowa Sitandade 1, ndi angati anafika Sitandade 8, angati anabwereza, angati amatha kuwerenga ndime imodzi ya Chichewa. Ukayang'ana pakhomo polowera pokha uona ngati zonse zili bwino, chifukwa mwana amene wasiyira panjira kaundula wa chaka chamawa samufunsa.

M'kope mwanga kuunika kuli kumapeto, muvi nkubwerera koyambirira, kusonyeza kuti zimene zapezeka zikhale vuto latsopano lofunika kulikonza. Ndinawafunsa ngati pa zaka zonse zija alipo anabwera kudzawafunsa iwowo zimene amaona m'kalasi. Anati amabwera, koma kudzatenga manambala. Kenako anayamba za mtengo wa mankhwala awo a shuga, ine sindinabwererenso ku kope lija.