Mababu 2,400 ndi foni yosagona

Atangotiikira pulogalamu yowerengera katundu pakompyuta, abwana anandiitana. "Inu ndi amene mumazitsata zamakonozi," anatero. "Muikonze kuti katundu akamatha izitichenjeza." Ndinavomera mwachangu, chifukwa munthu akakuyamikira pamaso pa anzako sufunsanso kuti ntchitoyo imagwiridwa bwanji.

Pa katundu aliyense panali kabokosi kolembedwa kuti `Reorder point`. Umalembamo nambala, ndipo katundu akatsika kufika pamenepo, uthenga umabwera pafoni. Ndinayang'ana mndandanda wa katundu, wautali wosaoneka kothera, ndipo ulesi unandipatsa nzeru. Ndinasankha zonse pakamodzi n'kulemba 50. Mababu 50, maloko 50, mapampu a madzi 50. Ndinaona kuti ndi nambala yabwino, yooneka yaulemu, yosachepa komanso yosachuluka. Kenako ndinachonga poti uthenga uzibwera nthawi iliyonse katundu akasuntha, n'kupita kunyumba ndikudzitama mumtima.

Chimene ndinaiwala n'chakuti mapampu a madzi sitinasungepo oposa asanu ndi limodzi chiyambire. Kwa kompyutayo, mapampu anali pangozi kuyambira tsiku loyamba, ndipo anayenera kukhala pangozi mpaka kalekale. Chimodzimodzi katundu yense amene amayenda pang'onopang'ono. Foni inayamba kulira. Wina akagula loko imodzi, ting'. Wina akabweza loko yomweyo, ting'. Usiku, pulogalamuyo ikamasonkhanitsa zatsikulo, inkatumizanso zonse pamodzi.

Mayi a kunyumba anapirira mausiku angapo, kenako anadzuka n'kukhala tsonga.

"Bambo, ndani ameneyu wosagona?"

"Ndi pampu," ndinayankha.

"Pampu?"

"Ya madzi. Ikuti yatsala yochepa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutenga foniyo, n'kuwerenga okha. Atandibwezera anati zikanakhala bwino akanakhala munthu, chifukwa munthu ukhoza kumukalipira. M'mawa mwake ndinatseka mawu a mauthengawo. Anzanga onse kuntchito anali atatseka kalekale.

Tsono mababu. Mababu timagulitsa pafupifupi 40 patsiku, ndipo tikaoda amatenga masiku 7 kuti afike. Uthenga woti mababu afika pa 50 unabwera ndithu, sindingainamizire kompyuta, koma unabwera pakati pa mulu wa madandaulo a mapampu, ndipo palibe anauwerenga. Ngakhale tikanauwerenga, mababu 50 ndi a tsiku limodzi ndi kachidutswa. Shelefu inakhala mbee pafupifupi sabata yathunthu, makasitomala akubwerera pakhomo. Abwana anafunsa kuti chenjezo lija lili kuti. Ndinawaonetsa pafoni. Anafunsa kuti enawo, mazanamazana ali pamwamba ndi pansi pakewo, ndi a chiyani. Ndinati ndi a pampu. Panali zii.

Amene anandipulumutsa ndi achikulire amene akhala akusunga katundu wathu kuyambira nthawi ya makadi olemba pamanja. Kompyuta saikhudza n'komwe. Ananditengera kuseri kwa mashelefu n'kung'amba chidutswa cha katoni.

"Mwana wanga, chenjezo likalira lizitanthauza chinthu chimodzi: oda lero. Likalira inu n'kungoti aa, n'zomwezija, ndiye kuti nambala yanuyo ndi yabodza. Kodi mababu mumagulitsa angati patsiku?"

"40."

"Mukaoda amafika liti?"

"Pakapita masiku 7."

Analemba 40 kuchulukitsa ndi 7, yankho 280. Amenewo ndi mababu amene adzatuluke pakhomo pamene tikudikira galimoto. Kutanthauza kuti tikaoda tili ndi ochepera 280, shelefu idzauma galimoto isanafike, ngakhale zonse zitayenda bwino. Koma zonse siziyenda bwino nthawi zonse, ndiye anandituma kukayang'ana m'mbuyo miyezi ingapo: tsiku lotanganidwa kwambiri tinagulitsa angati, ndipo oda yochedwetsetsa inatenga masiku angati? Ndinapeza 55 ndi masiku 9. Kuchulukitsa, 495. Kusiyana kwa 495 ndi 280, komwe ndi 215, ndi mababu osungira tsiku la tsoka, pamene makasitomala achuluka galimoto n'kuchedwanso. Malire a mababu anayenera kukhala 495, osati 50.

M'mabukumo munalinso tsiku lina limene kasitomala mmodzi anagula mababu 300 pakamodzi. Ndinafuna kugwiritsa ntchito nambala imeneyo, koma achikulire anandigwira dzanja. Anati ndikachulukitsa 300 ndi 9 ndidzasandutsa nyumba yonse kukhala ya mababu chifukwa cha munthu mmodzi amene mwina sadzabweranso. Oda yaikulu choncho imakambidwa payokha, siilowa m'masamu a tsiku ndi tsiku. Anandichenjezanso kuti masiku ndiziwerenga mofanana mbali zonse: ngati 40 ija ndaipeza pogawa ndi masiku otsegula okha, masiku odikira galimoto akhalenso otsegula okha. Iwo eni anavomereza kuti njira yochulukitsa tsiku loipitsitsa ndi kuchedwa koipitsitsa imasungitsa katundu wambiri kuposa wofunikira, poti zoipa ziwirizi sizikumana kawirikawiri. Pa mababu, omwe ndi aang'ono komanso sawonongeka msanga, zilibe kanthu. Pa katundu wodula kapena wodya malo, wotsalira tsiku la tsokayo umamuchepetsako.

Mapampu anali osavuta. Timagulitsa awiri pamwezi, amafika pakapita masabata awiri, ndiye podikira pamatuluka imodzi. Kuwonjezerapo imodzi ya tsiku la tsoka, malire ake 2. Katundu amene tinasiya kumuoda tinamuchotsera chenjezo lonse, poti kulira kwake kunalibe woti achitepo kanthu.

Ndinakonza zonsezi mmodzimmodzi, ndipo foni inakhala chete. Ndinauza aliyense kuti atsegulenso mawu a mauthenga, chifukwa tsopano likalira ndiye kuti ndi zoona. Mawu amenewa ndinawanena mokweza kwambiri, ndipo anthu anawakhulupirira. Apa ndi pamene panagona tsoka lachiwiri.

Lolemba lina mababu anafika pa 490. Ting'. Ndinaoda 800, a masiku 20, n'kudziguguda pachifuwa. Lachiwiri ndinatumidwa kwina. Mababu pashelefu anali 450, ndipo pulogalamuyo, poona kuti 450 ndi yochepera 495, inaliranso. Abwana anaona uthengawo, anakumbukira mawu anga aja, anakumbukiranso sabata ya shelefu youma, n'kuimba foni: mababu 800. Lachitatu inaliranso pa 410. Mayi amene amathandizira abwana, munthu wachangu amene safuna kuti chinthu chigone, anaoda 800 enanso. Aliyense anasunga chinsinsi cha ntchito yake yabwinoyo, kudikira kuti adzayamikiridwe.

Sabata yotsatira galimoto inabwera Lolemba, ndipo ndinalandira katundu wanga monyadira. Inabweranso Lachiwiri. Ndinauza dalaivala kuti wasokera, iye n'kundionetsa pepala losainidwa ndi abwana. Lachitatu atatulukiranso, sanatsike n'komwe msanga. Anatsitsa galasi n'kufunsa ngati tikufuna kuwalitsa dziko lonse. Mababu 2,400, a miyezi iwiri yathunthu, pamalo amene timasunga a masabata atatu. Makatoni anadzaza shelefu, anatsekereza njira, ena anakalowa mu ofesi ya abwana, moti munthu ukafuna kulankhula nawo unkangoona chipumi chokha pamwamba pa makatoni.

Chinalakwika n'chakuti pulogalamuyo inkayang'ana za pashelefu zokha. Katundu amene waodedwa kale koma ali m'njira sinkamudziwa, ndiye inayenera kulira tsiku lililonse mpaka galimoto ifike, ndipo inaliradi. Achikulire atamva anangoseka. Anati pamakadi awo akale, akaoda ankalemba ndi pensulo pakona kuti "zili m'njira", ndipo aliyense wotsegula khadilo ankaona. Nambala yoyenera kuyerekeza ndi malire si ya pashelefu yokha. Ndi ya pashelefu, kuphatikiza zimene zili m'njira, kuchotsapo zimene talonjeza kale makasitomala koma sanatenge. Mnyamata amene anatiikira pulogalamuyo anasintha lamulo lake kukhala motere:

```
on_hand + on_order - reserved <= reorder_point
```

Zikanakhala chonchi Lolemba lija, nditangolemba oda yanga kompyuta ikanawerenga 490 kuphatikiza 800, yankho 1,290, n'kutseka pakamwa. Ikanadzaliranso patapita masiku pafupifupi 20, nambalayo itatsikanso kufika pa 495. Komatu zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha oda ikalembedwa m'kompyutamo nthawi yomweyo. Oda ya pafoni imene ili m'mutu mwa abwana okha, kompyuta siiona. Izi ndinazinena mosamala kwambiri, ndikuyang'ana makatoni osati chipumi chija. Tinagwirizana kuti wooda akhale mmodzi, ndipo oda imene yadutsa tsiku lake lofika izikhala ndi chenjezo lakelake, chifukwa apo ayi katundu amene anatayika m'njira adzapitiriza kutonthoza kompyuta shelefu ikuuma.

Tinachotsanso zoti uthenga uzibwera katundu akangosuntha. Katundu amene ali pamalire penipeni amavuta: wina agula, watsika, ting'; wina abweza, wakwera; wina agulanso, ting'. Tsopano umabwera mndandanda umodzi m'mawa, wa zinthu zofunika kuoda tsikulo basi. Nthawi zambiri umakhala wa mizere itatu kapena inayi, ndipo munthu amauwerenga wonse. Nambala za malirezo timaziunikanso pakapita miyezi itatu, poti malonda amasintha ndipo otibweretsera katundu nawonso amasintha liwiro.

Mababu atachuluka chonchija, ndiponso zina zonse zitakhazikika, panadutsa masiku foni osalira n'kamodzi komwe. Mtima unayamba kundigunda. Munthu amene wazolowera phokoso, bata limamuopsa. Kodi chenjezo likugwirabe ntchito, kapena tinalipha pokonza paja? Kuyesera pa katundu weniweni sindinafune, ndinali nditaphunzirako. Ndinalenga katundu wabodza m'kompyutamo, n'kumutcha ZOYESA, malire ake 10, pashelefu 3. M'mawa mwake mndandanda unabwera bwinobwino, ZOYESA ali pamwamba penipeni, ndipo ndinapuma mpweya wabwino.

Ndisanafike n'komwe pampando wanga, ndinamva mawu a abwana akuchokera kuseri kwa makatoni, ali pafoni ndi otibweretsera katundu, atakwiya ndithu.

"Mukuti simukuzidziwa bwanji? Zoyesa! Zatsala zitatu zokha kuno. Tumizani 800."